Bondo lotupa pa mayeso a fiziyo: ndondomeko yopimira ndi tesiti ya Lachman

Pa mayeso ochita ndi manja a ophunzira fiziyotherapi, belu likalira wophunzira amalowa m'chipinda n'kupezamo bedi, munthu wokhala pabedipo, ndi mphunzitsi ataima pambali ndi pepala lochongera. Pachitseko pamakhala kapepala ka mizere itatu kapena inayi kofotokoza vuto la wodwalayo. Nthawi imakhala yowerengeka, kawirikawiri mphindi zapakati pa 5 ndi 15, ndipo belu likaliranso wophunzira amatuluka kupita m'chipinda china, kaya wamaliza kaya sanamalize. Mayeso amtunduwu, omwe ophunzira amawatchula kuti osike, anawafotokoza koyamba Ronald Harden ndi anzake ku Dundee, m'dziko la Scotland, mu 1975, ndipo lero sukulu zambiri zophunzitsa zaumoyo zimayesa motero. Kuno ku Malawi a fiziyo amaphunzitsidwa ku sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya Kamuzu, mumzinda wa Blantyre.

Chimene chimawasowetsa tulo ophunzira pokonzekera gawo la mafupa, minofu ndi mfundo za thupi ndi matesiti apadera. Awa ndi magwiridwe a manja amene amakoka kapena kupanikiza chiwalo chimodzi kuti aone ngati chili bwino, ndipo ambiri amatchedwa ndi maina a madokotala: Lachman, McMurray, Hawkins, Phalen ndi ena otero. Alipo ochuluka zedi, moti wophunzira amatha masabata akuloweza maina. Komatu pa pepala la mphunzitsi matesitiwa amabwera chakumapeto. Tesiti yapadera ndi funso lomaliza limene wopima amalifunsa ndi manja, mafunso ena onse atamulozera kale pomwe pali vuto. Bondo limaonetsa bwino zimenezi.

Zimene zili mkati mwa bondo

Pabondo pamakumana mafupa atatu: fupa la ntchafu, fupa lalikulu la msongolo lotchedwa tibiya, ndi kafupa kobulungira kakutsogolo kotchedwa patela. Chakunja kwa mwendo kuli fupa lina lowonda, fibula, lomwe mutu wake umamveka ngati kanthumbu pansi pang'ono pa bondo. Mafupawa amamangidwa pamodzi ndi timizere tolimba ngati luzi totchedwa maligamenti. M'Chichewa mawu akuti mtsempha amatanthauza zambiri, monga njira ya magazi, mtsempha wa ubongo, ngakhalenso chingwe cha mnofu, n'chifukwa chake wodwala akati "mtsempha wanga waduka" wophunzira amayenera kumupempha kuti aloze ndi chala.

Maligamenti aakulu a bondo alipo anayi. Awiri ali m'mbali, ina chamkati ndi ina chakunja, ndipo amaletsa bondo kupindikira chammbali. Awiri enawo ali pakati penipeni, opingasana. Yopingasa yakutsogolo imaletsa tibiya kuterereka kupita kutsogolo pansi pa fupa la ntchafu, komanso imagwira bondo munthu akamatembenuka phazi lili pansi. Yopingasa yakumbuyo imaletsa tibiya kubwerera m'mbuyo. Pakati pa mafupa awiri aakuluwo palinso timikeka tiwiri tofewa, tooneka ngati mwezi wongokhala kumene, totchedwa mamenisikasi, tomwe timagawa kulemera kwa thupi.

Kapepala ka pachitseko

Tiyerekeze kuti kapepala kalembedwa motere: mtsikana wa zaka 22, wosewera ntchemberembaye, anavulala bondo lakumanja masiku asanu apitawo, mupimeni, kenako mufotokozereni mphunzitsi zimene mwapeza. Mphindi zilipo 10.

Wophunzira akalowa amasamba m'manja, amapereka moni, amanena dzina lake ndi ntchito yake, kenako amapempha chilolezo. "Achemwali, ndikufuna ndipime mawondo anu onse awiri, ndiyamba ndi labwinolo. Mukamva kuwawa mundiuze, ndisiya. Mukulola?" Mawuwa satenga ngakhale theka la mphindi, koma ali ndi malikisi ake, ndipo amagwiranso ntchito ina imene idzaoneka pa tesiti ya Lachman: munthu amene wauzidwa zimene zichitike salimbitsa mwendo. Mawondo onse awiri ayenera kuoneka mpaka pakati pa ntchafu. Ngati wodwala sanavale kabudula, chitenje kapena nsalu ya pabedi imafunditsidwa bwino kuti asachite manyazi.

Mafunso otsatira ndi ochepa koma ndiwo amasankha tesiti. Zinachitika bwanji? Munamva kuphulika kapena kuthetheka mkati? Munapitiriza kusewera? Linatupa nthawi yanji? Limakugwetsani, kapena limakanirira osafuna kuwongoka? Mtsikanayu akuyankha kuti anadumpha kuwakha mpira, anatera pa mwendo wakumanja thupi likutembenuka, ndipo palibe amene anamugunda. Anamva kuti phwa! mkati, anzake anachita kumunyamula, ndipo asanafike kunyumba bondo linali litatupa kale.

Funso la nthawi ya kutupa ndi lofunika kwambiri. Bondo limene latupa pasanathe maola awiri kawirikawiri limakhala ladzaza magazi, ndipo magazi amachokera pa chinthu chimene chili ndi mitsempha ya magazi: ligamenti yopingasa, fupa losweka, kapena patela amene anaguluka n'kubwerera. Kafukufuku wa anthu ovulala pa masewero anasonyeza kuti mwa mawondo 10 otupa msanga chonchi, pafupifupi 7 amakhala ndi ligamenti yopingasa yakutsogolo yong'ambika. Koma bondo limene latupa pang'onopang'ono, munthu n'kudzazindikira mmawa mwake, limalozera kwambiri ku menisikasi, popeza mbali yaikulu ya kamkekako ilibe magazi ndipo chimene chimadzaza ndi madzi a m'mfundo. Choncho wophunzira asanagwire n'komwe mwendo, ali kale ndi chimene akuchiganizira, ndipo manja ake akungopita kukatsimikiza kapena kukatsutsa.

Asanakoke chilichonse

Pali zinthu zimene zimaletsa kupitiriza, ndipo mphunzitsi amafuna amve wophunzira akuzitchula. Choyamba ndi fupa losweka. Madokotala a ku Ottawa, m'dziko la Canada, motsogozedwa ndi Ian Stiell, anakonza m'zaka za m'ma 1990 lamulo lothandiza kudziwa amene akufunika kujambulidwa ekisire atavulala bondo. Limati ajambulidwe ngati ali ndi zaka 55 kapena kuposerapo, ngati akumva kuwawa pa patela pokhapokha akadinidwa, ngati akumva kuwawa pa mutu wa fibula, ngati akulephera kupinda bondo kufika madigiri 90, kapena ngati analephera kuponda masitepe anayi atangovulala ndipo akulepherabe pamene akupimidwa. Chimodzi chokha mwa izi chikapezeka, matesiti okoka ndi opotokola amadikira kaye. Mtsikana wathu akuyenda motsimphina kuchoka pampando kukafika pabedi, ndipo kutsimphina kumawerengedwa kuti waponda.

Chachiwiri ndi bondo lotentha, lofiira, munthu ali ndi malungo m'thupi, makamaka ngati sanavulale n'komwe. Limenelo lingakhale ndi mafinya, ndipo ndi la dokotala tsiku lomwelo. Chachitatu ndi katumba wotupa ndi wowawa, chifukwa magazi amatha kuundana m'mitsempha ya mwendo umene wakhala osayenda. Pomaliza, wophunzira amamva kugunda kwa magazi paphazi ndi kupempha wodwala kuti akweze phazi ndi zala m'mwamba. Mtsempha wa ubongo umene umakweza phazi umazungulira khosi la fibula pansi pa khungu penipeni, ndipo bondo likavulala kwambiri chakunja umatha kuphwanyika. Kwa mwana kapena wachinyamata wodandaula bondo popanda chifukwa chooneka, mfundo ya m'chiuno imapimidwanso, pakuti matenda a pamenepo amatha kumvekera pabondo.

Kuona, kugwira, kuyendetsa

Ndondomeko imene madokotala a mafupa amaphunzitsa, yomwe inatchuka ndi Alan Graham Apley wa ku Britain, ndi ya mawu atatu: ona, gwira, yendetsa. Poona, wophunzira amayamba wodwala ataimirira ndiponso akuyenda, kenako atagona chagada. Bondo labwino limakhala ndi timaenje m'mbali mwa patela. Pa bondo lakumanja la mtsikanayu timaenjeto tafufutika, ndipo waligoneka lopindika pang'ono, chifukwa ndi pamene madzi amapeza malo ambiri ndipo ululu umachepa.

Kutentha kumamvedwa ndi kuseri kwa dzanja, mbali zonse ziwiri. Madzi a m'bondo amapimidwa powasesa: dzanja limasisita mbali yamkati ya bondo kuchokera pansi kupita m'mwamba kawiri kapena katatu, kenako n'kusisita mbali yakunja kuchokera m'mwamba kutsika. Ngati muli madzi, kafunde kamatumphuka pa kaenje kamkati kaja. Madzi akachuluka amabwerera okha wopima asanasisite kunja, ndipo akachulukitsa sasunthika n'komwe. Pamenepo patela amayandama, moti akadinidwa ndi zala amamira n'kukagogoda fupa la pansi pake. Kenako zala zimayenda pa mzere umene mafupa awiri amakumana, bondo litapindidwa, n'kudina patela, mutu wa fibula, ndi pamene maligamenti a m'mbali amagwira fupa. Malo owawa kwambiri amadinidwa pomaliza.

Pa kuyendetsa, a fiziyo amatsata maganizo a James Cyriax, dokotala wa ku London, amene anagawa ziwalo za pamfundo m'magulu awiri: zimene zimakoka zokha, monga minofu ndi zingwe zake, ndi zimene zimangokokedwa, monga maligamenti. Wodwala amayamba kupinda ndi kuwongola yekha. Kenako wopima amamuyendetsera mwendo iye atangolekerera. Pomaliza wodwala amakankha dzanja la wopima mfundo isakusuntha. Ngati ululu ukubwera pokankha pokha, vuto lili mu mnofu. Ngati kukankha sikukupweteka koma kuyendetsedwa kukupweteka, vuto lili m'zinthu zongokokedwa zija. Bondo labwino limawongoka kufika pa madigiri 0 ndipo limapinda mpaka 135 kapena 140. Poyeza ndi goniyomita, pakati pa chidacho pamaikidwa pa kanthumbu kakunja ka kumapeto kwa fupa la ntchafu, mkono umodzi umaloza fupa lotumphuka la m'mbali mwa chiuno, winawo umaloza kakolo wakunja. Mtsikanayu akupinda kufika pa 95, ndipo powongola akutsala ndi madigiri 10. Akutha kunyamula mwendo wonse uli chiwongokere kuchoka pabedi, zomwe zikusonyeza kuti zingwe za mnofu wakutsogolo kwa ntchafu, pamwamba ndi pansi pa patela, sizinaduke.

Madigiri 10 otsalawo amafuna chidwi. Ngati wopima akukankha mofatsa n'kumva bondo likupita pang'onopang'ono mpaka ululu utaletsa, ndiye kuti ndi madzi ndi mantha a minofu. Koma ngati likubwerera ngati mpira wa gudumu nthawi iliyonse likafika pamalo amodzimodzi, mwina chidutswa cha menisikasi chapindikira pakati pa mafupa, ndipo bondo lotere silikakamizidwa.

Tesiti imene imabwera Lachman asanabwere

Cholakwa chimene chimagwetsa ophunzira ambiri odziwa bwino n'kuthamangira kukoka tibiya kutsogolo asanaone pamene tibiyayo wayambira. Ligamenti yopingasa yakumbuyo ikaduka, monga zimachitikira munthu akamenyetsa msongolo pa mpando wakutsogolo m'minibasi pa ngozi, kapena akagwera pa bondo lopinda, tibiya amagwera m'mbuyo yekha. Wopima akamukoka, amayenda mtunda wautali kubwera kutsogolo, koma kwenikweni akungobwerera pamalo pake. Wosadziwa amalengeza kuti yaduka ndi yakutsogolo pamene yaduka ndi yakumbuyo.

Kupewa kwake n'kosavuta. Mawondo onse awiri amapindidwa madigiri 90, mapazi ali pabedi, ndipo wophunzira amawerama n'kuyang'ana kuchokera m'mbali, maso ali pa msinkhu wa mawondo. Nthumbu za tibiya ziyenera kufanana. Akatsetsereka ndi chala chachikulu kuchoka pa fupa la ntchafu chamkati, chalacho chimakagunda m'mphepete mwa tibiya, amene amatulukira kutsogolo pafupifupi sentimita imodzi. Kasitepe kameneka kakasowa, yakumbuyo ndiyo ikukayikitsa. Pa mtsikanayu kalipo mbali zonse.

Tesiti ya Lachman

Tesitiyi ili ndi dzina la John Lachman, dokotala wa mafupa wa pa yunivesite ya Temple ku Philadelphia, koma amene anailemba ndi kuifalitsa ndi wophunzira wake Joseph Torg ndi anzake, mu 1976. Isanabwere, madokotala ankadalira tesiti ya dilowa, imene bondo limapindidwa madigiri 90 ndipo tibiya amakokedwa ngati mmene munthu amatsegulira dilowa ya tebulo. Vuto lake ndi lakuti bondo lotupa kumene silifika bwino pa 90, ndipo pamenepo minofu yakuseri kwa ntchafu imakhala pamalo abwino kwambiri okokera tibiya m'mbuyo, motsutsana ndi wopima. Mbali yakumbuyo ya menisikasi yamkati imathanso kukhala ngati mwala wotsekereza tayala la galimoto. Pa madigiri 20 mpaka 30 zopinga zonsezi zimachepa, ndipo wodwala sapwetekedwa.

Wodwala amagona chagada, mutu uli papilo, manja ali m'mbali. Pa bondo lakumanja, wophunzira amaima kumanja kwa bedi. Dzanja lake lamanzere limagwira ntchafu chakunja, pamwamba pang'ono pa patela, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha, kuletsa fupa la ntchafu kusuntha. Dzanja lamanja limagwira msongolo chamkati, m'mwamba kwenikweni, zala zinayi zili kuseri ndipo chala chachikulu chili kutsogolo pafupi ndi mzere wa mfundo. Bondo limapindidwa pang'ono, chidendene chili pabedi, phazi lisanapotokere mkati. Zala zakuserizo zimamva ngati minofu yauma. Ikakhala youma, wopima amagwedeza mwendo pang'onopang'ono n'kumalankhula naye wodwalayo: "Ulekerereni, ukhale ngati si wanu." Ikafewa, dzanja lamanja limakoka tibiya kubwera kutsogolo mwachangu koma mosachita nkhanza, kamodzi kapena kawiri.

Zomvetsera zilipo ziwiri. Choyamba ndi mtunda umene tibiya wayenda poyerekeza ndi mwendo wabwino. Kusiyana kopitirira mamilimita atatu kumakayikitsa, ndipo mabuku ambiri amagawa kuyendako patatu: kufika mamilimita 5, pakati pa 6 ndi 10, ndi kupitirira 10. Chachiwiri, chomwe chili chodalirika kuposa mtunda, ndi mathero a kukokako. Ligamenti yabwino imaimitsa tibiya mwadzidzidzi, kuti gwi, monga chingwe cha mbuzi chikafika pothera. Yoduka siimitsa kanthu: tibiya amangopita n'kuima mwawedewede chifukwa cha minofu ndi khungu. Manja a munthu sangathe kuyeza mamilimita molondola, koma amaphunzira kusiyanitsa gwi ameneyu ndi kusowa kwake. Apa ndi pamene kuyamba ndi mwendo wabwino kumapindulira kawiri. Wopima amadziwa mmene mawondo a munthu ameneyu alili mwachibadwa, pakuti ena, makamaka atsikana ndi anthu ofewa mfundo, amakhala ndi mawondo oyenda kwambiri mbali zonse ziwiri popanda vuto lililonse. Nayenso wodwala amaona kuti tesitiyo si yoopsa.

Wophunzira wa manja aang'ono akakumana ndi ntchafu ya wosewera mpira sayenera kulimbana nayo. Amaika bondo lake lopinda pabedi, pansi pa ntchafu ya wodwala, kapena thawulo lokulunga, n'kudinikiza ntchafuyo kuchokera pamwamba ndi dzanja limodzi, linalo likukoka. Iyi ndi njira yovomerezeka, ndipo mphunzitsi amakondwera kuona wophunzira akuisankha n'kunena chifukwa chake, kusiyana ndi kumuona akunjenjemera ndi mwendo umene ukumupulumuka.

Tesiti imanama m'njira zodziwika. Wogwira msongolo m'munsi, chapakati pa katumba, amangopinda ndi kuwongola bondo m'malo motsetsereketsa fupa. Wosagwira ntchafu zolimba amanyamula mwendo wonse, mafupa awiri n'kuyendera limodzi. Wokoka mwamantha, pang'onopang'ono, amapatsa minofu mpata wogwira, ndipo gwi uja samveka ngakhale pa bondo labwino. Wodwala akadzutsa mutu kuti aone zimene zikuchitika, mwendo umauma nthawi yomweyo. Chidutswa cha menisikasi chotsekereza chimathanso kubisa ligamenti yoduka. Ndipo pa ligamenti yakumbuyo yoduka ija, tibiya amayenda mtunda wautali koma pamathero pamakhala polimba, chifukwa yakutsogolo ikadalipo.

Mphunzitsi amakonda kufunsa kuti tesitiyi ndi yodalirika motani. Kafukufuku wa mu 2006 amene anaphatikiza zotsatira za akafukufuku ambiri anapeza kuti mwa anthu 100 amene ligamenti yawo yadukadi, Lachman amagwira pafupifupi 85, ndipo mwa 100 amene ili bwino, amanamizira pafupifupi 6. Tanthauzo lake ndi lakuti tesiti ikati palibe vuto, anthu 15 mwa 100 odukawo amakhala apulumuka osagwidwa. Choncho kwa mtsikana amene anamva kuphulika, kutupa msanga ndi kulephera kupitiriza masewero, Lachman wosasonyeza kanthu pa tsiku lachisanu sathetsa nkhani. Amabwerezedwa kutupa kukachepa. Pali tesiti ina yotchedwa pivoti shifiti, imene imabwereza kuguluka kwenikweni kumene wodwala amamva potembenuka. Ikasonyeza vuto imakhala pafupifupi yosakayikitsa, koma pa munthu amene ali maso imagwira mmodzi yekha mwa anayi, chifukwa thupi limadziteteza. Pa bondo lopweteka kumene, ndi nzeru kuitchula kwa mphunzitsi n'kufotokoza chifukwa chimene yasiyidwira.

Pa mtsikana wathu, bondo lamanzere layenda pang'ono n'kuima kuti gwi. Lakumanja layenda moonekeratu kuposa linzake, ndipo mathero ake ndi ofewa.

M'mbali ndi mamenisikasi

Ligamenti yopingasa siivulala yokha nthawi zonse, choncho za m'mbali zimapimidwanso. Pa yamkati, dzanja limodzi limakhala kunja kwa bondo, lina limagwira chakukakolo, ndipo mwendo wam'munsi umakokeredwa kunja kuti mbali yamkati ya mfundo iyese kutseguka. Zimachitidwa kawiri, pa madigiri 30 ndi pa 0. Pa 30 ligamenti ya m'mbali imatsala pafupifupi yokha, ndipo kutseguka kumaloza iyoyo. Pa 0 thumba lakumbuyo kwa mfundo ndi maligamenti opingasa amathandizira kugwira, moti bondo likatseguka lili chiwongokere, zaduka ndi zambiri ndipo wodwala atumizidwe msanga kwa dokotala wa mafupa. Wopima ayang'anire kuti ntchafu isagudubuke, chifukwa chiuno chikatembenuka bondo limaoneka ngati latseguka pamene langopinda. Ya kunja imapimidwa mofananamo, mphamvu italozetsedwa mbali inayo.

Pa mamenisikasi, tesiti yodziwika ndi ya Thomas McMurray, dokotala wa ku Liverpool. Bondo limapindidwa mpaka kumapeto, zala zili pa mzere wa mfundo, msongolo umapotokoledwa, kenako mwendo umawongoledwa pang'onopang'ono. Chokumbukira chake n'chakuti chidendene chimaloza menisikasi imene ikupimidwa: phazi likapotokoledwa kuloza kunja, chidendene chimaloza mkati, ndipo ikupimidwa ndi yamkati. Chofunidwa ndi kugunda kapena kuthetheka pa mzere wa mfundo pamodzi ndi ululu umene wodwala akuudziwa, osati phokoso wamba, pakuti mawondo ambiri abwinobwino amalira. Tesiti ya Thessaly, yochokera ku Greece mu 2005, imaimiritsa wodwala pa mwendo umodzi, bondo litapinda madigiri 20, n'kumatembenuza thupi. Akafukufuku amene anabwera pambuyo anapeza kuti si yodalirika monga inaonekera poyamba. Matesiti a menisikasi onse ndi ofooka akakhala paokha, ndipo amathandiza akagwirizana ndi mbiri ya wodwala komanso ululu wa pa mzere wa mfundo.

Kwa mtsikanayu matesiti awiriwa sachitidwa. Bondo lake likuima pa 95, choncho McMurray sangatheke, ndipo kumuimiritsa pa mwendo umene ungamugwetse kuti azipotokola n'kumuika pa ngozi. Kusiya tesiti ndi chifukwa chomveka kumasonyeza kudziwa ntchito kuposa kuchita matesiti asanu ndi limodzi motsatizana pa munthu amene akukukuta mano.

Kuphunzitsa manja

Pokonzekera, buku limathandiza pa dzina, pa kaimidwe ndi pa tanthauzo, koma gwi uja amaphunziridwa pa mawondo a anthu. Ophunzira amachita bwino kukhala atatu: wina wopima, wina wodwala, wina wogwira wotchi ndi pepala lochongera. Kujambula ndi cholembera pakhungu mzere wa mfundo, mutu wa fibula ndi m'mphepete mwa patela kumaulula msanga amene akhala akudina malo olakwika. Kuchita Lachman maso atatsinzina, pa anzawo 10 kapena 20 osiyana matupi, kumazoloweretsa manja kusiyana kwa mawondo abwino, ndipo tsiku limene adzagwire bondo loduka m'chipatala adzalizindikira ndi chimene chasowapo. Azizoloweranso kupima mbali zonse, popeza manja amene anazolowera bondo lakumanja amasokonezeka akapatsidwa lamanzere. Wosewera ngati wodwala aziumitsa dala mwendo nthawi zina, kuti mnzake aphunzire kuumva ndi kuufewetsa.

Pa mayeso ambiri munthu wa pabediyo amakhala wongosewera, ndipo bondo lake ndi labwino. Wophunzira asapeke zimene manja ake sanamve. Amanena zoona, kuti mathero ndi olimba mbali zonse, kenako amafotokoza zimene akanayembekezera pa ligamenti yoduka, ndipo nthawi zambiri mphunzitsi ndi amene amamuuza zotsatira zoti agwiritse ntchito.

Mphindi yomaliza ndi ya lipoti. Pa nkhani ya mtsikanayu lingamveke motere: "Wodwala ndi wa zaka 22, anavulala bondo lakumanja potera ndi kutembenuka, popanda kugundidwa. Anamva kuphulika ndipo linatupa pasanathe maola awiri. Muli madzi ambiri, akupinda kufika 95, ndipo akutsala ndi 10 powongola. Palibe chizindikiro cha Ottawa, magazi akuyenda bwino paphazi, ndipo akukweza phazi. Tibiya sanagwere m'mbuyo. Lachman wasonyeza kuyenda kwambiri ndi mathero ofewa kumanja. Za m'mbali zili bwino. Ndikuganizira kwambiri ligamenti yopingasa yakutsogolo. Menisikasi sindinaipime mokwanira chifukwa bondo silikupinda." Mphunzitsi akafunsa chochita, yankho ndi kuchepetsa kutupa, kupereka ndodo zoyendera mpaka atasiya kutsimphina, kuyamba zolimbitsa mnofu wakutsogolo kwa ntchafu ndi zobwezeretsa kuwongoka kwathunthu, kuletsa kudumpha ndi kutembenuka, ndi kumutumiza kwa dokotala wa mafupa. Bondolo limapimidwanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ngati madigiri 10 aja akukanabe ndi kubwerera kwa mpira kuja, kalata yotumizira ilembedwe kuti ndi yachangu.